Chitofu cha mbali ziwiri

Mwana wanga wamkazi anandiuza ataima pakhomo, osalowa n'komwe. Iye amagona kuntchito ku Morningside, ndipo mabwana ake safuna ana. Mdzukulu wanga, kamtsikana kongoyamba sukulu, ankakhala ndi ine m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya eni ku Overport, kuno kudziko lachilendo.

"Amayi, chitofu cha parafinichi chichoke. Mwana akutsokomola, zovala zake zikununkha. Mukapeza china ndimubweza. Pakali pano akakhale kwa amayi a kutchalitchi aja."

Anamutenga tsiku lomwelo. Magetsi a m'chipindamo sanali odalira: akapanda kuzima okha, mwini nyumba ankadandaula kuti mbaula ya magetsi imatha mayunitsi. Ndinatsala ndi zinthu ziwiri zoti ndisankhepo, makala kapena gasi.

Bambo wina wa ku Mangochi, amene amabweretsa katundu pa basi kuchokera kwathu, anandionetsa mbaula yosunga makala, yachitsulo kunja koma mkati mwake dongo lowotcha. Ndinaigogoda ndi chala kuti ndimve ngati ili ndi mng'alu. Inalira bwino.

"Agogo, iyi makala odzaza manja awiri, nyemba zapsa. Dongoli limasunga moto."

"Nanga makalawo mundibweretsera pa basi?"

Anaseka, koma ine sindinkaseka. Kuno makala amagulitsa m'timatumba tapepala, a anthu ootcha nyama Loweruka, ndipo mtengo wake ndi wa anthu oterowo. Komanso makala saphikira m'chipinda. Mpweya wake sununkha, umangokugonetsa basi. Ndikanayenera kuphikira pabwalo, pamaso pa anzanga onse ochita lendi, usipa ukununkha, mdzukulu akundiitana m'Chichewa. Ine pabwalopo ndimangopereka moni wa Chizulu, yebo, sawubona, n'kulowa, kuti asadziwe kuti ndine wobwera. Mbaulayo ndinaibweza.

Ndiye gasi. Ndinayenda m'mashopu, ndipo aliyense ankayamikira chake. Wina anati chitofu chongomanga pamwamba pa botolo n'chotchipa. Ndinachiyang'ana kutalika kwake, mphika uli m'mwamba, n'kuganiza za mwana wothamanga m'chipinda chopanikiza. Ayi. Ndinafuna cha patebulo, cha paipi, botolo lili pansi pakona. Zina zinali zopepuka ngati chitini, zopanda dzina la kampani, zopanda chizindikiro choti zinayesedwa. Wogulitsa wina anati, "Gogo, zonse zimachokera fakitale imodzi." Ndinamufunsa kuti paipi ikatha ndidzaipeza kuti. Anayang'ana kumbali.

Mpongozi wa amayi a kutchalitchi aja anandiuza za munthu wa ku Jacobs amene amathira gasi motchipa kuseri kwa galaja. Ndinakwera takisi kukaona ndekha. Mabotolo a makampani osiyanasiyana anali mbwee, ena a dzimbiri kunsi, ndipo sikelo sindinaione. Botolo lodzaza mopitirira ndi loopsa kukatentha, losadzaza ndiye wakubera. Ndinabwerako chimanjamanja.

Mwana wanga ankaimba foni. "Eish, amayi, mpaka liti? Gulani chilichonse."

"Chilichonse ndiye chimene chimapsereza ana."

Loweruka lina ndinapita kukamuona mdzukulu wanga. Anandipatsa moni wa Chizulu, kenako anakumbuka n'kuti, "Muli bwanji agogo?" Kunyumbako kunali ana ena, ndi wailesi ya kanema. Sanandiperekeze mpaka pageti.

Pomaliza ndinagula kwa mwenye wina wachikulire wa shopu ya zitsulo, osati chifukwa ndinamukhulupirira, koma shopu yake ndinaipeza pomwepo chibwerere changa kuno, ndiye sangathawe. Chitofu cha mbali ziwiri, dzina lake lodindidwa pachitsulo, paipi yatsopano ndi legyuleta yake yomanga pakamwa pa botolo. Botolo ndinasankha la kampani imene amasinthitsa pa filing'i siteshoni yapafupi, lomata pulasitiki pakamwa, dzina la papulasitikiyo lofanana ndi la pabotolo. Mwenyeyo anati gasiyo andikhalitsa kuposa makala a ndalama zomwezo. Pamenepo sananame.

Kunyumba ndinaona kaye ngati kalabala ka pakamwa pa legyuleta kalipo, ndinamanga, n'kupaka madzi a sopo polumikiza ponse. Thovu silinatukuke. Ndinatsegula zenera, n'kuyatsa. Moto wabuluu, wopanda utsi, wopanda phokoso.

Ndinamuimbira foni mwana wanga, n'kumuuza kuti chitofu chapezeka. 

"Amayi, mwanayu wazolowera. Sukulu ili pafupi, ali ndi anzake. Tisamusunthenso. Azibwera pa holide."

Ndinati chabwino. Ndikanati chiyani?

Chitofucho chilipo, sichinandivutepo. Ndikamaliza kuphika ndimatseka kubotolo kaye, moto uzime wokha, kenako kuchitofu. Madzi a sopo ndimapakabe ndikasintha botolo. Mbali ya kumanja yayamba kuda chifukwa cha kampoto kanga ka tiyi. Ya kumanzere ndimaipukuta fumbi. Pa holide yapitayi mwana wanga anati mdzukuluyo abwera, kenako anati mayendedwe avuta, koma botolo ndinali nditasintha kale.