Miyezi Itatu Yoyesedwa

Kalata yowalemba ntchito bambo a mwana wanga inabwera tikukhala ku Manja, mwana akuyamba kumene kukwawa. Anali atazungulira nthawi yaitali ndi mapepala awo a sukulu ya zowerengera ndalama, mpaka kampani ina yogulitsa katundu wapikulitsa ku Limbe inawatenga ukalaliki wa mu akaunti.

Ine Chingerezi ndinachisiyira ku pulayimale, choncho anandikhazika pampando nayamba kundimasulira ndime ndi ndime. Malipiro pamwezi akuti, boma lizidulapo msonkho. Ntchito yawo: kulowetsa mainvoisi ndi malisiti m'kompyuta, kusunga ndalama zogulira tinthu ta mu ofesi, kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, ndi kukonza malipiro a antchito mwezi ukamatha. Miyezi itatu yoyamba inali yoyesedwa. M'miyezi imeneyo iwo kapena kampani akanatha kuthetsa ntchito popanda notisi. Panalinso ndime yoti wojomba masiku atatu otsatizana popanda chilolezo cholembedwa wadzichotsa yekha.

"Imeneyi ndi ya zidakwa, mayi a mwana," anatero. "Ine ndingajombe kupita kuti? Kwa apongozi?"

"Amayi angakubwezereni pa geti," ndinatero, tonse n'kuseka.

Anasayina makalata awiri ofanana, ina n'kubweza ku ofesi. Yathu ndinakaikutitsa pulasitiki m'tauni kuopa chinyezi cha nyumba ija.

Inali miyezi yabwino. Ndinkasita malaya awo oyera m'mamawa, iwo n'kumadandaula kuti ndawotcha kolala. Madzulo ankafika maso ali psuu chifukwa cha kompyuta, koma ankamunyamula mwana n'kumamuuza kuti adzaphunzira sukulu ya ana a anthu olemera a ku Namiwawa.

Mwezi wachitatu uli pafupi kutha, apongozi anga aamuna anamwalira. Iwo anabadwira kutsidya kwa malire a dziko, ku Milanje, ndipo anasiya mawu oti akagone pafupi ndi makolo awo. Amuna anga ndiwo anali oyamba kubadwa: bokosi, galimoto, mapepala a pachipata, zonse zinali pamutu pawo. Anandituma ine kukanena ku ntchito.

Ndinabereka mwana, ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe. Abwana a mu akaunti, bambo wachikulire waulemu, anandilandira ndi manja awiri.

"Pepani mayi, pepani kwambiri. Auzeni ayende bwino."

Anzawo a amuna anga anasonkha chipepeso, ena anabwera kudzakhala nawo pasiwa. Kwathu uthenga wa maliro umayenda pakamwa, ndipo ukalandiridwa ndiye kuti wafika. Palibe anatchula zolemba. Nanenso ndime ya zidakwa ija sinandibwerere m'mutu. Ndani amaganiza za pepala mtembo uli m'nyumba?

Titaika maliro, amuna anga anafuna kubwerera. Amalume awo anakana.

"Mphwanga, uthawa tisanamete? Ofesi ndiyo inakubala? Manambala ako sawola, uwapeza."

Anakhala. Foni kumeneko sinkagwira, ndipo tinabwerako sabata itadutsa.

Manambala sanawole, koma mwezi unatha iwo kulibe. Malipiro a antchito anachedwa, onyamula katundu anachita phokoso pa geti, nkhani inakwera kwa eni kampani. Tsiku lomwe amuna anga anabwerera ku ntchito ndinawaona akulowa pakhomo dzuwa lili pamutu, tayi ali m'thumba, mutu wometa uja uli mbee.

"Kwagwanji, bambo a mwana?"

"Andifunsa kalata ya chilolezo."

"Simunawauze kuti ndinapita ine ndemwe? Ndi mwana kumsana?"

"Akudziwa. Abwana aja avomera kuti munabwera. Koma mayi woona za antchito akuti mawu sakhala m'fayelo. Akuti pokhala ndikadali woyesedwa, safunikanso kupereka notisi."

Anawapatsa za masiku amene anagwira, basi. Kalata yowakhazikitsa pa ntchito inali itatsala pang'ono kutuluka.

M'mawa mwake ndinapitanso ku Limbe osawauza. Abwana aja anatuluka kudzandipeza panja, osandiyang'ana kumaso.

"Mayi, ndikanakupatsani pepala tsiku lija mulembe mizere iwiri, ine n'kusayina. Ndinaganiza za maliro, za fayelo ayi. Ndawachonderera, akana."

Ndinawathokoza. Ndikanatani? Nawonso anachita monga munthu wa kwathu.

Tinasamukira ku Nancholi, m'chipinda chimodzi. Amuna anga tsopano amalembera anthu a mashopu mabuku awo akawaitana, mwezi wina osaitanidwa. Sanadandaulepo za bambo awo, kapena za amalume, kapena za ine. Koma za Namiwawa analeka kumuuza mwana.

Kalata yowalemba ntchito ija ili m'sutikesi, pamodzi ndi buku la sikelo la mwana. Tsiku lina anaipeza akufuna mapepala ofunsira ntchito kwina. Anaigwira nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati aiphatikize.

"Akafunsa kuti munachokako bwanji?"

"Ndidzati ndinakaika bambo anga," anatero.

Anaiphatikiza. Ine ndinayatsa makala a simbi, n'kutenga malaya oyera aja.