Jekete ya Kadiso

Mumsewu wina wa masitolo, pakati pa telala ndi wokonza mafoni, pali kachipinda kojambulira zithunzi. Mwini wake amamutcha Kadiso, chifukwa munthu ukamalankhula naye sakuyang'ana m'maso, amayang'ana kolala yako ngati yapindika. Ntchito yake yeniyeni masiku ano si kujambula ayi, ndi kuveka anthu. Amabwera ndi chithunzi atavala sikipa yothetheka, iye n'kuwaveka shati, tayi ndi jekete pa kompyuta, ulendo wokafunsira ntchito. Koma ali ndi lamulo limene lamutayitsa makasitomala ambiri. Amati kuchokera m'khosi kutsika m'munsi ndi dera lake, kuchokera m'khosi kukwera m'mwamba ndi kwa Mulungu ndi mayi ako. Baji ya kampani, yunifolomu ya namwino kapena mkanjo wa omaliza maphunziro saveka munthu amene si wake, ungachite kugwada.

Tsiku limene lamulo lija linamutentha m'manja, kasitomala wake anali achimwene ake enieni, amene anamulera bambo atamwalira. Anali dalaivala wa galimoto zazikulu, koma ntchito itatha anakhala pakhomo nthawi yaitali mpaka mawu awo anachepa m'nyumba. Tsopano kampani ina yonyamula ana a sukulu inali itawayankha. Inkafuna chithunzi cha munthu wovala mwaulemu ofesi isanatseke masana omwewo, choti chiikidwe pa tsamba la madalaivala, makolo azimuona pa foni amene akubwera kudzatenga mwana wawo.

Kuwaveka jekete yeniyeni n'kuwajambula pomwepo kukanakhala kosavuta, koma dzulo lake anali atazulitsa dzino, tsaya litatupa ngati alumidwa ndi njuchi. Chithunzi chabwino chinali chimodzi basi, cha mwezi watha, ali pakhonde, atavala jezi ya mpira yofiira.

"Usandichedwetse, iwe," anatero akukokera mpando kumbuyo kwake. "Anthu akufuna malo amenewa ndi ambiri."

Kadiso analemba mzere pa chithunzicho kuzungulira jezi, kutsata mapewa ndi khosi, kuti pulogalamu isinthe zokhazo zili mkati mwa mzerewo. Koma munthu akakuimirira pamsana, ndiponso ali mkulu wako, manja amachita phuma. Anaiwala kutseka mzere uja, ndipo pulogalamu inatenga chithunzi chonse ngati chake.

Chimene chinatuluka chinali chinthu chokongola mochititsa manyazi. Suti yabuluu, tayi yonyezimira, ndipo pamwamba pake nkhope ya munthu wochepera zaka khumi. Imvi zonse zinali zitapita. Chipsera cha pa nsidze, chimene achimwene anachipeza jeke yokwezera galimoto itaterereka, chinali chitasalala. Mphuno inali itaphwa pang'ono, khungu litayera.

Kadiso anathamangira kuti afufute, koma dzanja lolemera linamugwira paphewa.

"Siya. Chimenechi ndiye chithunzi."

"Achimwene, ameneyu si inu."

"Ndi ndani, nanga? Makutuwo si anga?"

Kunja telala ankapalasa makina ake, ndipo wotchi ya pakhoma, imene masiku ena imachedwa, tsiku limenelo inkathamanga. Kadiso anawafotokozera modekha kuti chithunzichi si chopachika pabalaza. Mayi adzaima pageti mwana ali kudzanja, adzayang'ana foni, adzayang'ana dalaivala, ndipo akaona anthu awiri osiyana mwanayo sadzakwera. Akadzaimbira ku ofesi, mlandu sudzakhala wa imvi, udzakhala wa chinyengo.

"Ukundiphunzitsa za ana iweyo? Ndinakusambitsa ine. Ukudziwa kuti ndi makampani angati andiyang'ana m'mutu n'kunena kuti tikuimbirani? Imvi zimenezi zandidyera ntchito, Kadiso. Alamu ako akudzuka m'mamawa kukachapira anthu, ine ndili gone. Lero mwayi wapezeka, ndiye undiuze za malamulo a m'kachipinda kako?"

Apa m'pamene Kadiso anachita mantha enieni, chifukwa achimwene ake sankanama. Imvi zimachotsetsadi munthu pa mndandanda, ndipo iye analibe umboni woti kampani iyi ndi yosiyana ndi zinazo. Akakana, ntchito n'kulephereka, adzalowa bwanji pakhomo paja? Adzawayang'ana bwanji alamu ake? Mtima unamuuza kuti ubale ndi fupa, tumiza chithunzicho, nkhani ithe. Chala chake chinakhala pa batani nthawi yaitali ndithu.

Kenako anafufuta.

Achimwene anaimirira mpaka mpando unagwa. Kadiso sanatembenuke. Anatsegulanso chithunzi cha pakhonde chija, n'kulemba mzere mwatsopano, ulendo uno akuutseka bwinobwino pansi pa chibwano. Suti yabuluu ija anaikana. Anasankha jekete yotuwa, yamabatani awiri, ndi shati yoyera yopanda tayi, poti dalaivala wa ana sayenda ngati mkulu wa banki. Pulogalamu inawapatsa mapewa a womenya nkhonya, iye n'kuwabwezera mapewa awo ogwa pang'ono. Dzuwa pakhonde paja linkachokera kumanzere, choncho anaika mthunzi wa kolala kumanja, ndi wina wochepa pansi pa chibwano kuti mutu usaoneke ngati wochita kumata. Kufiira kwa jezi kumene kunawalira pakhosi anakuchotsa, chifukwa kunali kwa jezi, osati kwa khungu. Pomaliza anasanjikiza chithunzi chatsopano pa chakale, n'kumayatsa ndi kuzimitsa. Zovala zinkasintha, nkhope osagwedezeka ngakhale pang'ono, imvi ndi chipsera zili m'malo mwake.

"Nachi," anatero osakweza maso. "Akakufunsani, muwauze kuti jekete ndi ya pa kompyuta, nkhope ndi yanu."

Achimwene anachiyang'ana kwa kanthawi, nsagwada yotupa ija ikugunda. Nthawi yopita kwa wojambula wina inali itatha. Anachitumiza ali chiimire, n'kutuluka osatsanzika, chitseko anachisiya pululu.

Masiku otsatira Kadiso anaonda ndi maganizo. Foni ikalira ankadzidzimuka. Anaimbako, achimwene osayankha, ndipo alamu ake atakumana naye pamsewu anangomupatsa moni wa mlendo. Telala, amene amamva zonse kudzera pakhoma, anamuuza kuti chilungamo n'chabwino koma sichiphikidwa. Kadiso anaseka nawo.

M'mawa wina akusesa pakhomo, anangoona nsapato zodziwika zitaima patsogolo pa tsache. Tsaya linali litaphwa, ndevu zitametedwa.

"Andiitana kuti akandiyese pamsewu," anatero achimwene, nkhope ili gwa. "Usasekerere, sanandilembe. Ndipo usaganize kuti ndi nzeru zako." Anakhosomola, n'kuyang'ana kumbali. "Koma ndikalowa bwanji ndi jezi, iwo atandiona mu jekete? Wandiveka chinthu chimene kulibe."

Kadiso anatsamiritsa tsache, n'kulowa kuseri kwa nsalu yojambulirapo. Anatuluka ndi jekete yotuwa, yamabatani awiri, yokhayo imene ali nayo, ija anakwatira nayo. Ndiyo imene ankaiyang'ana m'maganizo tsiku lija posankha mtundu.

Achimwene anailandira n'kuivala. Manja a jeketeyo anali aafupi, mikono yawo ili panja, ndipo batani lachiwiri linakana kutseka. Anaima chilili, maso atafiira, mng'ono wawo akuwaongola kolala.