Tsitsi la Khonje la a Justus

A Salumu Mahamudu anali telala wa pakhonde la sitolo ku Lirangwe, ndipo anali telala weniweni, wosiyana ndi amasiku ano amene amakusokera thalauza mwendo umodzi wautali n'kumati wopindika ndiwe. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, mikanjo ya Eidi ndi zigamba za anthu osauka. Chilema chawo chinali chimodzi: munthu akawalakwira ankasunga mlanduwo ngati mbewu ya chimanga, pouma bwino, osafumbwa.

Mnzawo wa ponda apa n'pondepo anali a Justus, amene anakulira nawo limodzi koma anasamukira ku Chileka atapeza ntchito pabwalo la ndege. Zinali zaka zija lamulo linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo ntchito ya a Justus inali kumeta alendo otsika m'ndege ali ndi tsitsi lofika m'mapewa. Ometawo mutu wawo unali dazi lokhalokha, losalala ngati chipanda. Akafunsidwa ankayankha kuti tsitsi linatha ndi mphepo ya ndege.

Anthu a pabwalo la ndege anali ndi matenda awoawo. Munthu wosesa pansi ankayenda ngati ndiye amaiulutsa ndegeyo. A Justus nawo anatengera kwa azungu mwambo wokumbukira tsiku lobadwa, poti ansembe a kumishoni anawalembera tsikulo. A Salumu analibe tsiku lotere. Mayi awo ankangoti anabadwa chaka cha dzombe, ndipo dzombe silisiya deti.

Paphwando loyamba a Salumu anapita atavala mkanjo wochapa bwino. Anapeza mipando yonse m'nyumba yatengedwa ndi anthu a mataye. A Justus, mutu uli balala ndi alendo, anawauza kuti ayambe akhala panja, ndipo wina anawagubuduzira mtondo. Aliyense woleredwa amadziwa kuti mwamuna sakhazikidwa pamtondo. A Salumu anaimirira pambali pa mtondowo mpaka tiyi anazizira, kenako anakwera njinga yawo osatsanzika. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, anthu awiriwa osalankhulana.

Koma msunamo unayamba kuwalemera. Nthabwala ikawabwerera pamakina ankasowa woiuza. Kupepesa sakanatha, pakuti olakwiridwa anali iwo. Kudikira kuti a Justus apepese kunali kudikira nkhuku kuti imere mano. Tsiku lobadwa la mnzawoyo litayandikiranso, anaganiza zotumiza mphatso yoti munthuyo aseke yekha, akaseka mlandu uthere pomwepo popanda wogwada.

Mphatsoyo inachokera pa nkhani imene ankaidziwa awiri okha. Ali anyamata, a Justus ankayenera kukaonekera kwa amalume ake a Agnes, mtsikana amene ankamufunsira. Masiku amenewo mnyamata wotsogola ankawongola tsitsi: ankalipaka mafuta, mnzake n'kumalisita ndi mwala wotentha. Wosita anali a Salumu, ndipo anautenthetsa mwalawo ngati akufuna kuwotcha mbatata. Tsitsi linanyeka, khungu linapsa, fungo linafika kumudzi wachiwiri. Kuvala chipewa pamaso pa amalume sikukanatheka. Ndiye anapala khonje, analidetsa ndi mwaye, n'kulimata pamutupo ndi ulimbo wokolera mbalame. Ukwati unavomerezedwa. Pambuyo pake a Justus anameta mpala n'kunama kuti kwawo kwagwa maliro, koma tsitsilo silinabwererenso.

Tsopano a Salumu anadula masamba a khonje m'malire a munda wawo. Anawapala pathabwa ndi mpeni wobuntha mpaka ulusi woyera unatsala, anautsuka, anauyanika, kenako anauwiritsa mu utoto wakuda wonyikira zovala, atathiramo mchere kuti usasuluke. Anasoka kachisoti ka nsalu yakuda, ndipo poyesa kukula kwake anaveka dzungu, pakuti mutu wa mnzawo ankaudziwa bwino kuposa mwini wake. Ulusiwo anausokerera mizeremizere kuyambira kunkhongo kukwera kuliwombo, kuti mzere wapamwamba uzibisa msoko wa m'munsi. Tsitsilo analisiya lalitali dala, lofika m'mapewa. Dzungu litavala linaoneka ngati woimba gitala wa kunja, ndipo nkhuku zinathawa pakhonde.

Chovuta chinali uthenga. Poyamba analemba mwaulemu, "Okondedwa bambo Justus," koma zinamveka ngati akupempha ntchito, ndipo anang'amba. Kachiwiri anatchulamo mtondo, n'kuona kuti akuutsa mlandu m'malo mouzima. Kachitatu analemba monga ankalankhulirana kudambo:

"Iwe Justus, akuti lero ndi tsiku limene unabadwa. Ine kunalibe, koma ndikukhulupirira unabadwa ndi tsitsi. Amene analichotsa ndi ine, ndi mwala uja, osati mphepo ya ndege monga umanamizira anthu. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndinayatsa ndekha, ndiye ndakubwezera katundu wako. Ili ndi la khonje ngati lija unakwatira nalo Agnes, koma silifuna ulimbo, choncho ntchentche sizikutsata. Ukhale ndi moyo mpaka limere lenileni. Ndine mnzako wakuwotcha, Salumu."

Anapinda kalatayo, anaiika m'kati mwa kachisoti, anakulunga zonse m'pepala la simenti n'kumanga ndi luzi. Kupositi sanapite, poopa kuti phukusi lingafike mwini wake atabadwanso kawiri. Analipereka kwa a January, wogulitsa nsomba zouma amene ankapalasa njinga kupita kumsika wa Chileka Loweruka lililonse, ndipo Lowerukalo ndilo linali tsiku la phwando. Anawalangiza kuti alipereke m'manja mwa mwini wake, asaliike pansi pa usipa.

Dzuwa litapendeka, akazi a Salumu, a Asiyatu, anabwera ndi tiyi pakhonde.

"Mwatumiza chidole chanu chija?"

"Chapita. Pano akuseka yekha kuchipinda."

"Kuchipinda kwa ndani? Paja mphatso amatsegula pagulu. Makalata amawerenga mokweza abwana awo a Rodney, anthu n'kumaomba m'manja."

A Salumu anaimitsa makina. "Mwazitenga kuti zimenezo?"

"Ine ndinali m'kati, ndinkaperekera makapu. Inu munali panja, mukulondera mtondo."

"Nanga osandiuza?"

"Munandifunsa? Mwezi wonse mwakhala mukukambirana ndi dzungu."

A Salumu anaona zonse m'maso mwawo: mnzawo akuvulidwa pamaso pa abwana, pamaso pa mkazi wake, ndi dzanja la telala wa ku Lirangwe. Munthu angakhululuke mwala wotentha, koma izi ayi. Anakwinya mkanjo m'chiuno, anakwera njinga, n'kuyamba kupalasa kulowera ku Lunzu. Tcheni chinagwa pachitunda. Atakhotera njira ya fumbi ya ku Chileka anakumana ndi a January akubwerera, dengu lili pululu.

"Ndapereka m'manja, achimwene, monga munanenera. Aliika pathebulo pamodzi ndi zinzake."

A Salumu anangopitiriza kupalasa. Atafika pakhomo pa a Justus thukuta lili kamukamu, anamva mawu a a Rodney akutuluka pawindo, aakulu ngati a mlaliki: "...osati mphepo ya ndege monga umanamizira anthu."

A Rodney anali munthu wosadziwa kuima. Anawerenga za ulimbo, anawerenga za ntchentche, anawerenga mpaka dzina. A Salumu anasuzumira. Mipando inali yodzaza ndi mataye omwe aja, keke ili pakati. A Justus anaimirira atagwira tsitsi la khonje ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, dazi likuchita thukuta.

Amene anayamba kulankhula anali a Agnes.

"Koma ili ndi labwino. Loyamba lija linali ndi nthenga ya nkhuku kumbuyo."

A Justus anatembenuka. "Munkadziwa?"

"Tonse tinkadziwa, bambo. Mutawerama popereka moni, mankhusu a pamphasa anakwera nanu. Amalume anatuluka kukasekera kuseri kwa nkhokwe. Pobwera anati, munthu wolola kumatidwa ulimbo chifukwa cha iwe, ameneyo sadzakuthawa."

"Ndiye zaka zonsezi ndikamanena za mphepo ya ndege?"

"Ndinkangoti ilekeni iwombe."

Wina anatsamwa ndi thobwa, ndipo nyumba yonse inaphulika. A Justus anayang'ana chinthucho nthawi yaitali. Kenako anachivala. Chinakwana ndendende. Anapukusa mutu, khonje linawamenya m'masaya, ndipo anaseka mpaka anagwira thebulo. Ndi pamene anaona nkhope pawindo.

"Iwe wakuwotcha, walowa liti m'mudzi muno? Unayesa pa chiyani kuti chikwane chonchi?"

"Pa dzungu," anatero a Salumu. "Koma dzungulo linkaoneka lanzeru."

A Rodney anapukuta misozi n'kukweza chala. Anati iwo sangadye keke m'nyumba ya munthu wa tsitsi lofika m'mapewa. Lamulo ndi lamulo, ndipo kunja kuli anthu a maso ambiri. Ankanena moseka, koma awiri atatu anayang'ana kumsewu, poti masiku amenewo nthabwala inkatha kukagona kupolisi. Wometa wa boma sakanadzimeta yekha. Sizasi anaipereka kwa telala.

"Ndilibe pokhala," anatero a Salumu, ali chiimire pakhomo. Maso awo anapita pamene panali mtondo, pansi pa mtengo wa mango.

A Justus anayang'ana komweko, ndipo kuseka kunawathera pang'ono. Anapempha a Rodney kuti aimirire, ananyamula mpando wandalema umene abwanawo anakhalira n'kuutulutsa panja. Kenako anagubuduza mtondo, anaugoneka patsogolo pa mpandowo, n'kukhalapo iwo eni, nsana atalozetsa kwa mnzawo.

"Mwamuna sakhala pamenepo," anatero a Agnes.

"Ndikudziwa, mayi. Ndinauzidwa mochedwa."

A Salumu anakhala pampando pang'onopang'ono, anayesa zotsamira zake zonse ziwiri, anapempha tiyi wotentha, ndipo anamwa kaye osafulumira, abwana a mataye ataimirira padzuwa. Atatha anagwira khonje la kunkhongo n'kuyamba kudula.

"Usafupikitse kwambiri," anatero a Justus. "Landitengera nthawi kuti limere."

"Khala phee. Ukagwedezeka nditumiza mwala."