Sipika Yakufa M'chipinda cha Amayi

"Achimwene, mukaichotsa pamenepo musadzapondenso pakhomo pano!"

Mlongo wanga anandikalipira choncho ataima pachitseko cha chipinda cha amayi ku Budiriro, mikono atatambasula. Ine ndinali ndi katoni m'manja. Ndinamuyankha kuti nyumbayo si yake, ndipo sipikayo ndinagula ndi thukuta langa. Ndinanenanso zina zomwe sindingalembe pano. Mtima wanga ndi wapachala, ku Msasa komwe ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo aliyense amadziwa.

Tinkakangana za sipika yopanda mawaya, yakuda, kukula kwake ngati buledi.

Amayi anachoka ku Dedza ali mtsikana, kutsatira abambo kumafamu a fodya a kunja kuno, ndipo sanabwerereko. Mlongo wawo, amalume athu, anamusiya akuweta mbuzi. Patapita zaka zambirimbiri, achibale akumudzi anatipeza pafoni, ndipo amalume anatumiza uthenga wa mawu, wautali ndithu. Koma makutu a amayi anali atatha. Ndinkawakanikiza foni pakhutu, iwo n'kumangopukusa mutu, kuti akumva ngati udzudzu. Thupi nalo linali litafooka, sankatulukanso panja. Ndinafuna kuti amve mawu a mlongo wawo nthawi isanathe.

Sipikayo ndinaiona pa intaneti kwa munthu wina wogulitsa zamagetsi m'tauni. Ndinalipira pafoni, wa njinga yamoto anabweretsa kuntchito. Madzulo ndinafika nayo ku Budiriro, kuiika pampando pafupi ndi bedi, n'kuuza amayi mokuwa kuti lero amva amalume. Anapempha kuti tiwakhazike tsonga, tiwamange duku labwino.

Ndinadina batani. Zii. Ndinaligwira nthawi yaitali monga kapepala kake kanenera. Zii. Ndinati mwina batire yatha, ndipo magetsi kunalibe monga mwa masiku onse, choncho ndinakaisiya kwa aneba omwe ali ndi sola. Inakhala pachaja tsiku lathunthu, kagetsi kofiira kosonyeza kuti moto ukulowa osayaka. Ndinasintha waya, ndinasintha chaja. Foni inafunafuna pa bulutufu osaipeza. Ndinatenga sikulu draiva kuti ndiing'ambe, mlongo wanga anandilanda, nati ndikangoitsegula wogulitsa adzati ndaiwononga ndine. Apo ankanena zoona.

Ndiye ndinalemba kalata pafoni. Yoyamba inali ndi mawu akuti wakuba katatu, ndinaifufuta. Yachiwiri ndinailemba m'Chingelezi cha kusukulu, ndipo inkati:

"Bambo, ndinagula kwa inu sipika yopanda mawaya, nambala ya oda ndi umboni wa malipiro ndi izi. Yafika yakufa. Siyaka, silandira moto ngakhale ndasintha waya ndi chaja, ndipo foni siyiona. Sindinaigwetse, sindinaitsegule, katoni ndi zonse za m'kati zilipo. Onani zithunzi ndi vidiyo. Ndikupempha mundisinthire ina yogwira ntchito, kapena mundibwezere ndalama. Ndinagulira amayi anga odwala, choncho nthawi ndilibe."

Anayankha mwaulemu kuposa momwe ndinkayembekezera, mpaka ndinasowa pokwiyira. Anati ndiibweretse m'katoni yake masiku asanu ndi awiri asanathe kuchokera tsiku lomwe ndinailandira, aiyese okha. Ikapezeka yakufa, andipatsa ina katundu akafika kuchokera ku Joni, kapena ndalama ngati sindifuna kudikira. Masikuwo akadutsa, ndiye kuti ndi yanga.

Podikira Loweruka kuti ndipeze mpata wopita m'tauni, sipikayo inatsala m'chipinda cha amayi. Sindidziwa anaiika pabedi ndani.

Lachisanu nditabwera kudzaitenga, ndinapeza amayi atagona cham'mbali, khutu atalitsamiza pa sipikayo, maso ali phethi-phethi ngati munthu amene akumvetsera nkhani yokoma. Milomo yawo inkayenda. Mlongo wanga anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti akhala choncho masiku onsewa. Akuti akumva amalume. Ayamba kudya phala, ndipo tsiku lina anaseka.

Ndinati zimenezo ndi zamisala, m'chinthucho mulibe ngakhale kadontho ka moto. Ndinalowa n'kuwafunsa pakhutu kuti akumva chiyani.

"Akuti mtengo wa masuku uja unagwa," anatero amayi. "Akuti mbuzi yamawanga yaswa awiri. Akufunsa ndibwera liti."

Uthenga wa amalume ndinali nditaumvera kambirimbiri. Munali za maliro a anthu omwe sitiwadziwa, za mtengo wa feteleza, za miyendo yawo yotupa. Za masuku munalibe, za mbuzi munalibe. Ndinatenga sipikayo n'kuiika pakhutu langa, ine munthu wamkulu, koma ndinangomva magazi anga akuyenda. Amayi anatambasula dzanja, ndinawabwezera.

Apa ndi pamene ndinakatenga katoni, ndi pamene mlongo wanga anatseka chitseko ndi thupi lake. Iye ankati amayi apeza chowatonthoza, ndiwasiye. Ine ndinkati akumvera chitsulo chakufa pomwe mlongo wawo weniweni ali moyo ndipo mawu ake ali m'thumba langa. Anandifunsa ngati ndili ndi chitsimikizo kuti amayi adikira katundu wa ku Joni. Ndinamufunsa ngati ali ndi ndalama yogulira ina, poti mawa linali tsiku lomaliza. Aneba anasiya kutunga madzi pamjigo kuti amve bwino. Amayi okha ndi omwe sanamve kanthu.

Ndinagona pasofa kumeneko, sindinabwerere kwanga ku Highfield.

Ndinene zomwe zinachitika pambuyo pake, chifukwa ndi zomwe zimandisowetsa mtendere. Wogulitsa anasunga mawu ake. Sipika yatsopano inabwera, ilipo mpaka lero, imalira mpaka malata kunjenjemera. Amayi anali akadali moyo. Tinawakhazika tsonga, tinakweza mawu mpaka pamapeto, ndipo anamva, ndinaona pankhope pawo kuti akumva. Anamvetsera mpaka uthenga kutha. Kenako anafunsa kuti agogo akutsokomolawa ndi ndani. Tinawauza. Anati ayi, mlongo wawo salankhula choncho. Anatembenukira kukhoma, ndipo sanapemphenso kuti tiwayatsire. Khutu sanaliikepo ngakhale kamodzi. Anatisiya mvula isanagwe. Mlongo wanga sanandinenepo kanthu za nkhaniyi, ndipo bola akanandikalipira.

Koma m'mawa wa Loweruka lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinadzuka mlongo wanga atapita kumjigo. Ndinalowa m'chipinda osavala nsapato. Amayi anali maso, dzanja lili pa sipika. Ndinagwada n'kuwauza pakhutu kuti ndikupita nayo m'tauni, ndidzabwera ndi ina yomveka bwino. Ndinkayembekeza kuti alira kapena aikumbatira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchotsa dzanja okha.

"Mukamukhazike kuwindo," anatero. "Amasanza m'galimoto ameneyo."

Ndinaikulunga m'pulasitiki yake, kupinda waya, kuika kapepala, kutseka katoni. Pasiteji kombi yoyamba inali ndi malo apakati okha. Kondakitala anandikuwira kuti ndikwere, ine ndinamuuza kuti apite. Ndinadikira ina, ndinakhala kuwindo, katoni pamiyendo, ndipo ndinatsegula galasi pang'ono.