Mota ya Pampu pa Chigayo cha Miyala

Alamu anga anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi zinthu zitatu: chisoti chachikasu, chifuwa chosamva mankhwala, ndi chikhulupiriro choti makina onse a pansi pano amawadziwa. Matipate atangoyamba kumene, aliyense wokhala ndi jekete anasanduka wapampando wa china chake, ndipo iwo anagwira mpando wa kalabu ya alimi amthirira kumunsi kwa Nsipe. Kalabuyo inali ndi chuma chimodzi chokha, pampu yamagetsi yokoka madzi kumtsinje. Achemwali anga, akazi awo, ndiwo ankalima. Chimanga chawo chamthirira ndicho chinkatulutsa banja lonse m'miyezi ya njala, chifukwa bambo wa nyumbayo khasu ankaliona ngati mlendo.

Ine ndinali ndi kashopu kokonza mamota pa Ntcheu Boma. Tsiku lina mu Okutobala anandiitanitsa kuti ndikaone chimene anachitcha chitukuko. Ndinapeza chigayo cha miyala chakalekale, chansagwada, chimene anachitola ku kwale ina yotsekedwa, kumene ankakumbako miyala. Phungu wina anali atalonjeza msewu pamsonkhano, ndiye alamu anaona kuti miyala yonse ya msewuwo idzachoka kwa iwo. Chigayocho chinabwera chopanda mota, koma kachitsulo kake kanalembedwa makilowati khumi ndi asanu. Mota ya pampu ya kalabu nayonso inali ya khumi ndi asanu. Kwa iwo masamu anathera pomwepo. Anati aibwereka masiku anayi okha, chimanga sichingafe ndi masiku anayi.

Ndinawafotokozera mofatsa, monga munthu amachitira ndi mwamuna wa mlongo wake. Ndinati nambala ija imangonena mphamvu ya mota ikakhala itathamanga kale. Sinena kanthu za mmene katundu wake amakanira poyamba kuzungulira. Pampu ngati yathuyo ndi yaulemu: poyamba siilimbana ndi mota, imalemera liwiro likamakwera, moti pa theka la liwiro imangofuna gawo limodzi mwa anayi la mphamvu yopotola shafiti. Fani ndi chimodzimodzi, kungoti ikakhala yaikulu imachedwa kufika pa liwiro. N'chifukwa chake mota ya pampu inkadzuka bwinobwino ndi sitata yake ya sita-delita, imene poyambira imangopatsa mota gawo limodzi mwa atatu la mphamvu yake yodzukira.

Pofuna kuwakopa ndinawakumbutsa chikepe chotsitsa ndi kukweza anthu mumgodi, chimene ankakonda kuchitamanda. Ndinati katundu wa chikepe amalemera chimodzimodzi chikamanyamuka ndi chikamathamanga, ndiye mota yake iyenera kukoka ndi mphamvu yonse kuchokera poima, ndiponso imafuna buleki yogwira katundu magetsi akathima. Chigayo cha miyala ndiye choposa onse mwano. Chili ndi magudumu awiri olemera oti ayambe azungulitsidwa, mwala wolimba ukalowa chimagwedeza mota mwadzidzidzi, ndipo chikaima ndi miyala m'kamwa chimafuna mphamvu yoposa ya pantchito kuti chisunthe n'komwe. Chimafuna mota yopangidwira kudzuka ndi katundu, monga zija zamabulashi ndi mphete, kapena yokulirapo yokhala ndi mphamvu yapadera.

Alamu anamvetsera akuchotsa nyama m'mano ndi kamtengo ka machesi, kenako anandiyankha.

"Alamu, khumi ndi asanu ndi khumi ndi asanu. Kapena ku sukulu kwanuko anakuphunzitsani masamu ena?"

Amuna a m'komiti ya kalabu anaseka, monga amasekera anthu amene alonjezedwa ntchito ya ukapitawo. Alamu anawonjezera kuti chikepe anakwera zaka zisanu ndi zinayi. Ndinafuna kuwauza kuti nkhuku nazonso zimakwera minibasi tsiku ndi tsiku koma palibe inakhalapo dalaivala. Mawuwo ndinawameza. Anati ngati ntchito yandikulira aitana wina wa ku Balaka, ndipo ine, poopa kuti anthu anganene kuti ndikuchitira nsanje mwamuna wa mlongo wanga, ndinatulutsa sipanala. Ndinamasula mota pa pampu ndi manja angawa, n'kuimanga pa chigayo, sitata yake yomweyo. Ndinangowasiyira malamulo awiri: asadzutse chigayo muli miyala, ndipo ovalodi, kachida kodula magetsi mota ikalemedwa, asakakhudze.

Tsiku loyamba chinadzuka chopanda kanthu, mokoka miyendo ngati munthu wa matsire, koma chinadzuka. Alamu anavala chisoti chija n'kumayendayenda manja ali kumbuyo, akukalipira anthu pachilankhulo cha ku migodi chimene panalibe wochimva. Ananditumizira uthenga pa Boma woti masamu awo akuphwanya miyala.

Tsiku lachitatu masana magetsi anathima, monga ankachitira masiku amenewo osatsanzika, chigayo chili chodzaza mpaka pakamwa. Atayaka, panalibe wofuna kulowetsa manja kuchotsa miyala umodziumodzi padzuwa limenelo. Anadina batani. Mota inangolira osasuntha, ovalodi n'kudula. Anadinanso, n'kudulanso. Pamenepo katswiri wa ku Joni anagamula kuti vuto ndi kachida kamantha kaja. Anatsekula bokosi la sitata, n'kukanikiza kontakita, kachida kolumikiza magetsi ku mota, ndi chitsononkho kuti isabwerere. Mota yoima imamwa magetsi ochuluka kangapo kuposa yothamanga, ndipo onsewo amasanduka moto m'mawaya. Amene analipo akuti panatuluka utsi wonunkha vanishi, alamu n'kunena kuti ikungotenthetsa thupi.

Anaibweretsa kushopu pa ngolo, itafundidwa chiguduli ngati maliro. Nditatsekula ndinapeza makoyilo a waya ali bii, ngati mbatata yoiwalika pamoto. Alamu sanabwere. Anatuma mawu oti mota inali yachabechabe kuyambira kale, ndipo mwina wolumikiza analakwitsa waya. Safunsa anadya phula, koma awa anadya phula n'kunena kuti njuchi ndizo zalakwa.

Waya wa saizi yake panalibe pa Ntcheu. Ndinapita ku Blantyre kawiri, ndipo pofika poti ndakulunga, ndathira vanishi, ndaumitsa, panali patatha masabata atatu. Chimanga cha kalabu chinali chitangomasula ngayaye pamene madzi anaima, nthawi imene chimanga sichipirira ludzu. Achemwali ndi amayi anzawo anayesa ndi makheni, kuchokera kumtsinje kukwera mtunda, mpaka mapewa anasupuka. Anapulumutsa mizere ya m'mphepete yokha. Msewu wa phungu uja mpaka lero tikuudikira, ndipo chigayo chikadali pomwepo, mbuzi zimabisalapo dzuwa.

Tsiku lokabwezera mota pa pampu ndinapita ndili ndi mawu okonzeratu. Ndinapeza achemwali akudula mapesi ouma oti apatse ng'ombe za eni ake. Pampu inadzuka ndi kudina kamodzi, madzi n'kuyamba kuthamangira m'munda mopanda choti athirire. Ndinayamba kuwayalira uchitsiru wa amuna awo, chisoti, chitsononkho, masamu aja, ndipo ndinkamva kukoma polankhula. Anandisiya mpaka ndinamaliza, chikwanje chili m'manja.

"Achimwene, bambo awawa ndakhala nawo zaka makumi awiri. Kuti sadziwa kanthu ndi nkhani yakale, mudzi wonse ukudziwa. Koma inu mumadziwa kuti motayo ipsa?"

Ndinati ndinawachenjeza, anthu anamva.

"Sindinafunse zimenezo. Mumadziwa?"

Ndinavomera kuti ndinkadziwa.

"Ndiye munaimasuliranji pa pampu?"

Anawerama n'kupitiriza kudula mapesi. Ndinaima pamenepo ndi bokosi langa la zida, manyazi atandigwira.