Muvi Wopanda Funso

Ba Cheryl Mvula, mphunzitsi wa ku Chelstone, sakonda kufufuta chomwe alemba. Pochita digiri yachiwiri, ankafufuza zomwe zimajombetsa atsikana kusukulu. Anajambula zonse papepala limodzi: thiyole yotsogolera kafukufuku pamwamba, mabokosi a zoyambitsa kumanzere, ndi mivi yoloza kubokosi la kujomba kumanja.

Owayang'anira, ba Dokotala Sakala, anaika chala pamuvi wochokera kubokosi lina lolembedwa kuti tchalitchi.

“Madamu, muvi uwu ukuyankha funso liti la kafukufuku wanu? Thiyole yanu ikutchula tchalitchi?”

“Siikutchula, funsonso palibe. Kungoti ndine wakwaya, ba Dokotala.”

Ba Mvula anaseka, n'kufufuta okha bokosilo. Muvi uliwonse wotsala unali ndi funso lake. Lamlungu anakaimba monga mwa masiku onse, ndipo anapeza tchalitchi chili pomwe chinali.