Fayilo Yokana Kulowa

Ntchito yolemba ng'ombe za ku Edingeni ndinaipeza movutikira, mwezi umodzi wokha, koma kwa ine mayi wa ana atatu unali mwayi waukulu. Mkulu wa gulu lathu anati apu yolembera simapezeka m'sitolo ya pafoni. Inali fayilo ya APK yoti tipatsane tokha, ndipo wopanda apu Lolemba m'mawa asakwere galimoto.

Kuno kwathu bando ya intaneti sitiononga. Mnzanga wa m'gululo anayamba kunditumizira pa Bulutufu tili pa depoti ya Mzimba, minibasi yake ikuimba hutala. Inanyamuka iye akadali kutukula foni pawindo. Nditadina fayiloyo, foni inalemba kuti pali vuto la "parse", yalephera kuiwerenga. Ndinadinanso. Ndinazimitsa foni, ndinachotsa batire, ndinaipemerera ngati mbaula. Kenako ndinatukwana kafoni kosalakwa.

Loweruka ndinathamangira kwa bambo wina wokonza mafoni mumsika. Anayang'ana kukula kwa fayilo n'kuimbira mnzanga uja kuti afananize.

"Amama, yanu yachepa chomene. Yabwera theka, mbwenu foni singawerenge chinthu chodukiza."

Tinapeza mnzathu wina wa m'gululo wokhala m'tauni momwemo amene anali ndi fayiloyo, tinatumiza bwinobwino mpaka kumapeto. Uthenga womwe uja unabweranso. Ndinafuna kulira pamaso pa anthu ogula tomato.

Bamboyo analowa m'masetingi n'kupukusa mutu. Anati tsopano fayilo ili yonse, koma apuyo inapangidwira sisitimu yatsopano, pamene ya foni yanga ndi yakale ndipo singakwezedwenso. Ndinamuuza kuti aikakamize. Anaseka, nati ngakhale nditagona pabenchi pakepo sizitheka.

Pabanja pathu foni yatsopano inali imodzi, ya mlamu wanga, mkazi wa achimwene. Tinali tisakulankhulana chiyambire pamene ng'ombe yawo yofiira inadya chimanga changa, ine n'kumulalatira mudzi wonse ukumva. Lamulungu ndinazungulira nyumba yanga kangapo, kusesa posesa kale. Kenako ndinapita kwawo.

Ndinamupeza akutonola chimanga. Anamvetsera osandiyang'ana, kenako anatambasula dzanja. Tinatumiza fayilo ija pa foni yake. Apu inalowa msangamsanga ngati ikundiseka.

Mlamu anachotsa simu yake n'kuika m'kafoni kanga kakale. Foni yake anandipatsa pamodzi ndi chaja.

"Yewo chomene, mulamu," ndinatero.

"Musathokoze ayi. Muone kaye ngati ikulembadi," anayankha, n'kuloza kukhola ndi chitsononkho. "Yambani ndi mnzanu uyo."

Ndinaima pakhola paja n'kuijambula, kenako ndinalemba mtundu wake ndi zaka zake. Ng'ombe yoyamba imene ndinayesera ntchito yanga inali yofiira ija, ikubzikula mosatekeseka.